Kawerengedwe ka Nsichi za Mpanda

Mvula ikatha ndipo chimanga chikalowa m'nkhokwe, mbuzi ndi ng'ombe zimamasulidwa kuti zidzidyera zokha m'minda. Nthawi yomweyo ndi imene anthu ambiri amatembenukira ku madimba kukabzala mpiru, matimati, anyezi ndi kabichi. Dimba lopanda mpanda pa nyengo imeneyi ndi chakudya cha ziweto. Tsono mlimi amayeza malo ake, nawerenga mitengo imene ifunika, napita kukadula kapena kukagula.

Pa kuwerenga kumeneku pali cholakwa chimodzi chimene chimagwira anthu ambiri, ngakhale amene anapita patali ndi sukulu. Munthu amabwera ndi nsichi zoperewera ndi imodzi, kapena amabwera nazo zopitirira ndi zinayi. Zikapitirira, ndalama ndi mitengo zapita pachabe. Zikaperewera, mpanda umagona usiku uli ndi mpata wosatseka, ndipo mbuzi sifuna mipata iwiri kuti imalize bedi la mpiru. Phunziro la mwezi uno likufotokoza m'mene mlimi angadziwire nambala yeniyeni ya nsichi asanakumbe dzenje ngakhale limodzi.

Mpanda wowongoka

Poyamba payenera kumveka mawu awiri. Nsichi ndi mtengo woimirira umene wazikidwa m'dzenje. Mpata ndi malo amene ali pakati pa nsichi ziwiri zoyandikana, m'mene mumadutsa waya, bango kapena mitengo yopingasa. Zinthu ziwirizi n'zosiyana, ndipo nambala zake sizilingana nthawi zonse.

Mlimi wina afuna kutchinga mbali imodzi ya munda wake, yoyang'ana ku njira ya ng'ombe. Mbaliyo ndi yotalika mamita 30, ndipo iye afuna kuti nsichi zitalikirane mamita 3. Agawa 30 ndi 3, napeza 10. Pamenepo ati nsichi 10 zikwana, napita kukadula 10.

Tsono ntchito iyamba. Nsichi yoyamba aizika poyambira penipeni, asanayende ngakhale phazi limodzi. Yachiwiri aizika pa mamita 3, yachitatu pa mamita 6, yachinayi pa mamita 9, nanka nazo chomwecho. Pofika pa nsichi yakhumi apeza kuti ali pa mamita 27. Mitengo yatha, koma kwatsala mamita 3 osatchinga.

Masamu ake sanalakwe, pakuti 30 kugawa ndi 3 ndi 10 ndithu. Chimene chalakwika ndi dzina limene iye anapatsa yankholo. Nambala 10 ija ndi ya mipata, si ya nsichi ayi. Kugawa kutalika kwa mpanda ndi kutalikirana kwa nsichi kumauza munthu kuchuluka kwa mipata basi. Mpata uliwonse uli ndi nsichi imene imautseka kumapeto kwake, motero mipata 10 ili ndi nsichi 10 zotseka. Koma pali nsichi inanso imene sitseka mpata uliwonse, ndiyo yoyamba ija, imene mpanda wonse wayambirapo. Imeneyi ndiyo imaiwalika. Nsichi zofunika ndi 11.

Dzanja la munthu limaonetsa zimenezi bwino lomwe. Zala ndi zisanu, koma mipata ya pakati pa zala ndi inayi. Mlimi akakayika ali kumunda, atambasule dzanja lake naliyang'ane. Lamulo loyamba ndi ili: pa mpanda wowongoka, umene uli ndi nsichi kuno ndi uko, nsichi zimaposa mipata ndi imodzi.

Lamuloli limagwiranso ntchito mobwerera. Munthu amene ali nazo kale nsichi 16 pakhomo, nafuna kudziwa kutalika kwa mpanda umene zingamange, ayambe wachotsa imodzi kuti apeze mipata. Mipata ndi 15, ndipo pa mamita 3 mpata uliwonse mpandawo utalika mamita 45, osati 48. Zilibe kanthu ngati munthu ayeza ndi mamita, mayadi kapena mapazi ake. Lamulo ndi lomwelo.

Mpanda wozungulira

Mlimi amene wamva lamulo loyamba angathe kugwanso mwa njira ina, poganiza kuti nthawi zonse ayenera kuwonjeza imodzi. Sizili choncho ayi.

Khola la ng'ombe lozungulira likhale ndi mipata 12. Womanga azika nsichi yoyamba, nayenda mozungulira, nazika nsichi imodzi kumapeto kwa mpata uliwonse. Pofika kumapeto kwa mpata wa 12 apeza kuti palibe dzenje loti akumbe, chifukwa wabwerera pa nsichi yoyamba ija. Nsichi imeneyo yagwira ntchito ziwiri: ndiyo yoyambira, ndiyonso yotseka mpata wotsiriza. Motero nsichi ndi 12, monga mipata.

Lamulo lachiwiri ndi ili: mpanda ukazungulira n'kubwerera pamene unayambira, nsichi zimalingana ndi mipata. Sikuti mpandawo uyenera kukhala wobulungira ngati nkhokwe ayi. Ngakhale ukhale wa ngodya zinayi, wa ngodya zitatu, kapena wokhotakhota potsata dambo, bola mapeto ake akumane ndi chiyambi chake.

Dimba la mamita 30 ndi mamita 18

Chitsanzo chimodzi chitsatidwe tsopano kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Mwini dimba wayeza malo ake napeza kuti m'litali ndi mamita 30 ndipo m'lifupi ndi mamita 18. Ngodya zake ndi zinayi. Afuna mpanda wa waya waminga wa mizere inayi, nsichi zotalikirana mamita 3.

Ayambe ndi mipata ya mbali iliyonse payokha. Mbali yaitali ili ndi mipata 10, pakuti 30 kugawa ndi 3 ndi 10. Mbali yaifupi ili ndi mipata 6, pakuti 18 kugawa ndi 3 ndi 6. Mbali zazitali ndi ziwiri, zazifupi ndi ziwirinso, motero mipata yonse ndi 10 ndi 6 ndi 10 ndi 6, pamodzi 32. Popeza mpanda uwu wazungulira, nsichi zake ndi 32.

Apa ndi pamene ena amadula mitengo yopitirira. Amatenga mbali iliyonse ngati mpanda wowongoka woima pawokha, nawonjeza imodzi pa mbali iliyonse. Mbali yaitali amati 11, yaifupi amati 7, ndipo akaphatikiza 11 ndi 7 ndi 11 ndi 7 amapeza 36. Nambala imeneyi yapitirira ndi 4. Chifukwa chake n'chakuti nsichi ya pangodya ndi ya mbali ziwiri. Ndiyo yotsiriza ya mbali imodzi, ndiyonso yoyamba ya mbali inzake. Powerenga mwa njira imeneyi nsichi zinayi za pangodya zawerengedwa kawiri.

Pali njira ina yowerengera imene ili yabwino potsimikiza yankho, ndipo imathandizanso podula mitengo. Mlimi aike padera nsichi 4 za pangodya. Kenaka awerenge nsichi za pakati zokha pa mbali iliyonse. Mbali ya mipata 10 ili ndi nsichi za pakati 9, ndipo mbali ya mipata 6 ili ndi za pakati 5. Akaphatikiza 9 ndi 5 ndi 9 ndi 5 apeza 28, ndipo akawonjeza 4 za pangodya zija apeza 32. Njira ziwirizi zikapereka nambala imodzi, mlimi akhoza kunola nkhwangwa mtima uli m'malo. Zikasiyana, ndiye kuti penapake palakwika, ndipo ayenera kubwereza.

Ubwino wa njira yachiwiriyi ndi wakuti imalekanitsa mitengo ya mitundu iwiri. Nsichi za pangodya ndi zimene zimalimbana ndi waya akamakokedwa, ndipo waya amazikokera mbali ziwiri. Ziyenera kukhala zonenepa ndi zozikidwa mozama kuposa zinzake, ndiponso zimafuna mitengo yozichirikiza kuti zisapendekere m'kati. Mitengo yochirikizayi siili m'gulu la nsichi 32 zija. Iwerengedwe payokha.

Khomo

Dimba lifuna polowera. Khomo nalonso ndi mpata, kungoti ndi mpata wopanda waya, ndipo powerenga nsichi liyenera kuwerengedwa monga mipata inzake.

Mwini dimba akafuna khomo lolowera ngolo, lotambalala mamita 3, sayenera kuwonjeza nsichi ina. Angosankha mpata umodzi mwa mipata 32 ija nausiya wosamanga waya. Nsichi zikhalabe 32, koma ziwiri za mbali ino ndi iyo ya khomo zikhale zonenepa monga za pangodya, chifukwa waya amathera pa izo ndipo chitseko chimalemera.

Akafuna kakhomo ka munthu yekha, kotambalala mita imodzi, nkhani isintha. Kakhomoko kakhale pangodya, pa mbali ya mamita 18. Mita imodzi ikapita ku khomo, patsala mamita 17 ofuna waya. Pa mamita 17 pamalowa mipata 5 ya mamita 3, n'kutsala mamita 2, amene nawonso ndi mpata wofuna nsichi yake. Motero mipata ya waya ndi 6, ndipo pamodzi ndi khomo mbali imeneyi ili ndi mipata 7 tsopano. Mpanda wonse uli ndi mipata 33 ndi nsichi 33.

Waya ndi misomali

Wogula zipangizo ayenera kudziwa zimene zimatsata mipata ndi zimene zimatsata nsichi. Waya amatsata mipata. Pa dimba la khomo la ngolo lija mipata ya waya ndi 31, ndipo 31 kuchulukitsa ndi 3 ndi mamita 93 pa mzere umodzi. Mizere inayi ifuna mamita 372. Pamwamba pa amenewa payenera kukhala waya wina wapadera wokulungira nsichi za pangodya ndi za pakhomo, ndi wolumikizira pamene mpukutu wathera.

Maenje amatsata nsichi, choncho ndi 32. Misomali yopinda yogwirira waya imatsatanso nsichi. Nsichi iliyonse imakumana ndi mizere inayi, motero 32 kuchulukitsa ndi 4 ndi malo 128 okhomapo msomali. Amene wapangana ndi waganyu kuti amulipira pa dzenje lililonse ayenera kupangana naye pa nambala ya nsichi, kuti pasakhale mkangano madzulo. Pa mpanda wowongoka wa mipata 10 waganyu amakumba maenje 11, ndipo akalipidwa a 10 wadyeredwa thukuta la dzenje limodzi.

Pamene mpanda ugunda chinthu chimene chilipo kale

Madimba ambiri satchingidwa mbali zonse zinayi, chifukwa mbali imodzi imakhala yotchingika kale. Dimba lomwe lija la mamita 30 ndi 18 lionetsa m'mene kutalika kumodzi kungafunire nambala zitatu zosiyana za nsichi.

Mbali imodzi yaitali ikhale yosafuna mpanda. Mbali zitatu zotsala ndi mamita 18, 30 ndi 18, pamodzi mamita 66, ndiyo mipata 22. Mpanda uwu ngakhale wakhota kawiri sunazungulire, chifukwa mapeto ake sakumana ndi chiyambi chake. Uwerengedwa ngati wowongoka.

Ngati mbali yosatchingayo ndi mtsinje wa madzi akuya, palibe chomangirirapo waya kuno kapena uko. Pafunika nsichi kumayambiriro ndi kumapeto, ndipo lamulo loyamba ligwira: mipata 22, nsichi 23. Mwini dimba akumbukire kuti madzi amaphwa m'mwezi wa Okutobala, ndipo mtsinje umene unali mpanda m'Juni ukhoza kusanduka njira ya mbuzi.

Ngati mbali yosatchingayo ndi mpanda wa mnansi, ndipo mnansiyo walola kuti waya amangiriridwe pa nsichi zake ziwiri za pangodya, ndiye kuti nsichi yoyamba ndi yotsiriza zilipo kale. Pa 23 zija achotsepo ziwiri, zitsala 21. Apa nsichi zatsopano zachepa ndi imodzi poyerekeza ndi mipata.

Ngati kumayambiriro kokha ndi kumene kuli chomangirirapo, monga mtengo waukulu kapena nsichi yakale, koma kumapeto kulibe, achotsepo imodzi yokha, zitsala 22, zolingana ndi mipata.

Motero mamita 66 omwewo angafune nsichi 23, 22 kapena 21. Chimene chimasiyanitsa ndi nsonga ziwiri za mpanda. Mlimi akamaliza kugawa asathamangire kutchula nambala. Apite kaye ku nsonga iliyonse nadzifunse ngati pali choimirira kale pamenepo.

Mpanda wogawa dimba pakati uli m'gulu lomweli. Mwini dimba lotchingidwa kale lija afune kulidula pakati, mbali ina ya ndiwo zamasamba, mbali ina ya nazale. Mpanda wapakatiwo ndi wa mamita 18, mipata 6, ndipo uyambira pa nsichi ya mpanda wakunja n'kukathera pa nsichi ina ya tsidya linalo. Nsichi zatsopano ndi 5 zokha. Pakati penipeni pa mbali yaitali ndi pa mamita 15, ndipo nsichi ya pamenepo ndi yachisanu ndi chimodzi powerenga ya pangodya ngati yoyamba, osati yachisanu. Koma akafuna kudula pamalo pamene palibe nsichi, monga pa mamita 10, ayenera kuzika zatsopano ku nsonga zonse ziwiri, ndipo nsichi zikhala 7.

Pamene masamu atsala ndi zotsalira

Minda yeniyeni siimagawika bwino ngati ya m'buku la sukulu. Mbali ya mamita 20 ikagawidwa ndi 3 ipereka 6, n'kutsala mamita 2. Mamita 2 otsalawo sangatayidwe, pakuti ng'ombe ingadutsepo ndi mwana wake yemwe. Ndi mpata wachisanu ndi chiwiri. Nthawi zonse pakakhala zotsalira, mipata iwonjezedwe ndi umodzi. Motero mbali ya mamita 20 ili ndi mipata 7, ndipo ikakhala mpanda wowongoka woima pawokha ifuna nsichi 8.

Mlimi angathe kusiya mipata 6 ya mamita 3 ndi umodzi wa mamita 2, kapena angathe kuilinganiza yonse. Akagawa 20 ndi 7, mpata uliwonse ukhala pafupifupi mamita 2 ndi masentimita 86. Nambala ya nsichi ndi yomweyo mwa njira zonse ziwiri, koma mpanda wa mipata yolingana umaoneka bwino. Chimene sayenera kuchita ndi kutambasula mipata kuti ikhale 6 pofuna kupulumutsa mtengo umodzi. Akatero mpata uliwonse upitirira mamita 3 ndi masentimita 33, ndipo waya amene anayenera kugwiridwa pa mamita 3 ayamba kulendewera.

Zotsalirazi zili ndi msampha wina pa mpanda wa ngodya zinayi. Dimba likhale la mamita 20 m'litali ndi mamita 14 m'lifupi. Munthu wofulumira aphatikiza mbali zonse napeza mamita 68, nagawa ndi 3, napeza 22 ndi zotsalira, nati mipata ndi 23, nsichi 23. Koma akayamba kuzika potsata mamita 3 mozungulira, apeza kuti pangodya yachiwiri palibe nsichi. Imodzi yagwa pa mamita 18, inzake yagwa kuseri kwa ngodya. Waya sangakhote pa mphepo. Pangodya iliyonse payenera kukhala nsichi.

Chifukwa cha ichi mbali iliyonse igawidwe payokha. Mbali ya mamita 20 ili ndi mipata 7. Mbali ya mamita 14 ikagawidwa ndi 3 ipereka 4 ndi zotsalira, ndiyo mipata 5, uliwonse wa mamita 2 ndi masentimita 80. Pamodzi 7 ndi 5 ndi 7 ndi 5 ndi 24. Nsichi ndi 24, osati 23. Kuphatikiza mbali zonse n'kugawa kamodzi kumapereka yankho lodalirika pokhapokha mbali iliyonse ikamagawika popanda zotsalira, monga zinalili pa dimba la mamita 30 ndi 18.

Kuyezera pakati pa nsichi

Pali chinthu chinanso chimene chimasokoneza nambala ngakhale masamu ali olondola. Nsichi ili ndi kunenepa kwake. Mamita 3 aja ayenera kuyezedwa kuchokera pakati pa nsichi imodzi kufika pakati pa inzake. Munthu akamagunditsa ndodo yake yoyezera m'mbali mwa nsichi imene wazika kumene, nazika ina kumapeto kwa ndodoyo, mpata uliwonse umadya mamita 3 ndi kunenepa kwa nsichi imodzi. Nsichi zikakhala zonenepa masentimita 10, pa mipata 10 cholakwacho chikwana mita yathunthu. Nsichi yotsiriza ikagwa m'munda wa mnansi, kapena mpata wotsiriza ukhala wopanikizika.

Njira yopewera zimenezi ndi kuyamba ndi zikhomo. Mlimi akhome zikhomo pangodya zonse, namange chingwe cholimba kuchokera pa chikhomo china kufika pa chinzake. Kenaka atsate chingwecho ndi tepi kapena ndodo yoyezera, nakhome kachikhomo pamalo pa nsichi iliyonse. Akamaliza awerenge zikhomo zonse. Nambala ya zikhomo ndiyo nambala ya maenje ndiponso ya nsichi, ndipo iyenera kugwirizana ndi imene inapezeka pa pepala. Chikhomo chikalakwika chimazulidwa ndi dzanja limodzi, pamene dzenje lolakwika pa nthaka youma ya m'chilimwe ndi ntchito ya thukuta. Pokumba, chikhomo chikhale pakati penipeni pa dzenje.

Cholakwa chakale

Cholakwa chimenechi sichinayambe lero. Vitruvius, mmisiri wa zomangamanga wa ku Roma amene anakhala m'zaka 100 zotsiriza Khristu asanabadwe, analemba mabuku khumi a za kamangidwe, ndipo m'buku lachitatu anakhudza nkhani yomweyi pofotokoza za akachisi ozunguliridwa ndi mizati yamiyala. Kachisi wotere ankafunika kuti m'litali mwake mukhale muwiri wa m'lifupi mwake. Amisiri ena ankawerenga mizati ya kumaso naichulukitsa kawiri kuti apeze ya m'mbali. Vitruvius anaonetsa kuti amenewa ankalakwa, chifukwa nyumbayo inkatalika mopitirira ndi mpata umodzi. Chofunika kuchulukitsa kawiri ndi mipata. Kachisi wa mizati 6 kumaso ali ndi mipata 5, motero m'mbali mufunika mipata 10, ndiyo mizati 11, osati 12.

Womanga khola kapena chigafa cha fodya amakumana ndi zomwezi. Chigafa chokhala ndi nsichi 6 pa mzere umodzi chikafuna kutalikitsidwa kuti chikhale kawiri kutalika kwake, nsichi zowonjeza pa mzerewo ndi 5, chifukwa ya kumapeto ilipo kale.

Ngakhale pa mzere wa chimanga lamulo ndi lomweli. Alangizi a zaulimi amalangiza mizere yotalikirana masentimita 75 ndi mapando otalikirana masentimita 25, mbewu imodzi pa phando. Mzere wotalika mamita 10 uli ndi mipata 40, ndipo wobzala akayambira pansonga penipeni n'kukathera pansonga inayo, mapando ake ndi 41.

Zoyenera kukumbukira

Ntchito yonse ili ndi masitepe atatu. Poyamba, mlimi ayeze mbali iliyonse payokha naigawe ndi kutalikirana kwa nsichi, ndipo pakakhala zotsalira awonjeze mpata umodzi. Kachiwiri, aphatikize mipata yonse pamodzi ndi ya makomo. Kachitatu, ayang'ane nsonga za mpanda. Ukakhala wozungulira, nsichi zilingana ndi mipata. Ukakhala wa nsonga ziwiri, awonjeze imodzi, kenaka achotsepo imodzi pa nsonga iliyonse imene pali chomangirirapo kale.

Akapeza nambala yeniyeni, ndi nzeru kudula ziwiri kapena zitatu zapadera, chifukwa ina imapezeka yokhota ndipo ina imang'ambika pokhoma msomali. Koma zapaderazo ziwonjezedwe pa nambala yoona, zisakhale zobisira kuwerenga kolakwika.

Mafunso oyesera

Owerenga angathe kuyesa mafunso atatu awa pamodzi ndi ana awo a sukulu, asanayang'ane mayankho.

Loyamba: mpanda wowongoka wa mamita 24, nsichi zotalikirana mamita 2, wopanda chomangirirapo kuno ndi uko. Nsichi zingati?

Lachiwiri: khola la ngodya zinayi, mbali iliyonse mamita 10, nsichi zotalikirana mamita 2, ndipo mpata umodzi ndi khomo. Nsichi zingati?

Lachitatu: mpanda wa mamita 13 wochokera pa khoma la nyumba kufika pa khoma la khitchini, womangiriridwa pa makoma onse awiri, mipata yosapitirira mamita 3. Nsichi zingati?

Yankho la loyamba ndi 13, pakuti mipata ndi 12 ndipo pawonjezedwa imodzi. Yankho la lachiwiri ndi 20, pakuti mbali iliyonse ili ndi mipata 5, mipata yonse ndi 20, ndipo khola lazungulira. Yankho la lachitatu ndi 4, pakuti 13 kugawa ndi 3 ndi 4 ndi zotsalira, ndiyo mipata 5, ndipo makoma awiri aja atenga malo a nsichi yoyamba ndi yotsiriza. Amene wasiyana ndi mayankho awa ajambule mpandawo pansi ndi kamtengo, naike mwala pamalo pa nsichi iliyonse, nawerenge miyalayo.